Kuunika chiphaso cha unzika kapena satifiketi ya MSCE imene mwalandira pa foni

Funso ili limabwera kawirikawiri kuchokera kwa eni sukulu za pulaiveti, makomiti a makopaletivi a mbatata ya kachewere, ndi ena olemba anthu ntchito kuno ku Dedza. Munthu ali ku Mayani kapena ku Mtakataka, sangakwere galimoto kudzangoonetsa mapepala, ndiye wajambula chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya MSCE n'kutumiza pa WhatsApp. Mungadziwe bwanji kuti sanasinthepo kanthu? Ndalemba pano ndondomeko yonse kuti aliyense aziwerenga yekha.

Dziwani chinthu chimodzi musanayambe. Chithunzi chingathe kukuonetsani kuti pepala lasinthidwa, koma sichingakutsimikizireni kuti pepala ndi lenileni. Ntchito ya masitepe awa ndi kukuthandizani kusankha amene muwaitane, ndi kudziwa malo oti mukayang'anitsitse pepala lenilenilo likafika m'manja mwanu.

1. Pemphani chithunzi choti n'kuunikika

Chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse pa WhatsApp chimapanikizidwa kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo timizere ting'onoting'ono timene mukufuna kuona ndi timene timayamba kufufutika. Muuzeni wotumizayo asankhe Document potumiza, osati chithunzi wamba. Ajambule panja pamthunzi, asayatse kuwala kwa kamera, pepala ligone pathebulo ndipo ngodya zonse zinayi zioneke. Chiphaso cha unzika ajambule kumaso ndi kumbuyo komwe.

Musalandire fotokope yojambulidwa, chithunzi chodulidwa m'mbali, kapena chithunzi cha sikirini ya foni ina. Cha sikirini mudzachidziwa ndi timafunde ta mitundu ngati utawaleza timene timayenda pamwamba pake. Fotokope imasandutsa zonse kukhala zakuda ndi zoyera, choncho imabisa pafupifupi zonse zimene ndikufotokoza m'munsimu.

2. Pezani chenicheni choyerekezera

Cholakwika chachikulu ndi kuunika pepala lokhalokha, n'kumadalira zimene mukukumbukira. Maso sakumbukira maonekedwe a zilembo. Tengani chiphaso chanu chomwe, muchijambule ndi foni mofanana ndi mmene mwamuuzira mnzanuyo, mudzitumizire mwa njira yomweyo. Pa satifiketi, bwerekani ya munthu amene mukumudziwa bwino, amene analemba mayeso chaka chomwecho kapena choyandikira. Chaka n'chofunika chifukwa kasindikizidwe ndi siginecha za akuluakulu a MANEB zimasintha pakapita nthawi. Mukayerekeza satifiketi ya 2005 ndi ya 2022 mudzapeza kusiyana kumene si chinyengo ayi.

Ngati mungathe, tsegulani zithunzi ziwirizo pa kompyuta, chimodzi kumanzere china kumanja. Pa foni zimathekanso, koma mudzatopa ndi kukulitsa ndi zala.

3. Werengani zolembedwazo musanayambe kukulitsa

Ambiri amathamangira kukulitsa chithunzi, pamene bodza lili poyera m'mawu ndi m'manambala. MANEB ndi imene imayendetsa mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE. Magiredi a MSCE ndi manambala kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Munthu amalandira satifiketi akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndi kirediti imodzi kapena kuposa, apo ayi maphunziro asanu, Chingerezi chili momwemo, ndi makirediti atatu. Satifiketi ya MSCE yopanda Chingerezi chokhoza ikusemphana ndi lamuloli. Magiredi a JCE ndi zilembo, osati manambala. Kumbukiraninso kuti mayeso a JCE anaimitsidwa kwa zaka zingapo n'kudzayambiranso mu 2021, ndiye satifiketi ya JCE yonena kuti mayeso analembedwa mu 2018 kapena 2019 musailandire.

Kenaka yerekezani zaka. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa ndi NRB kwa munthu wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo kalembera wa dziko lonse anachitika mu 2017. Chiphaso chonena kuti chinaperekedwa mwini wake ali ndi zaka 14 chili ndi vuto. Chotsani chaka chobadwa pa chaka cha mayeso. Mukapeza kuti munthu analemba MSCE ali ndi zaka 12, chimodzi mwa mapepala awiriwo sichikunena zoona. Zaka 25 kapena 30 zisakudabwitseni, ambiri amabwereza kapena kulemba ali akuluakulu.

4. Maonekedwe a zilembo

Osindikiza amati fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo. Makina amene anasindikiza pepala amalemba nambala iliyonse mofanana paliponse pamene pali fonti imodzi. Choncho njira yake ndi yosavuta: pezani nambala imene mukuikayikira, mupezenso nambala yomweyo pamalo ena a pepala lomwelo, muzikulitse mofanana. Yang'anani 1 ngati ali ndi kaphazi pansi ndi kamlomo pamwamba, 4 ngati ndi wotseka kapena wotsegula pamwamba, 7 ngati mwendo wake ndi wowongoka kapena wopindika, 3 ngati mutu wake ndi wozungulira kapena wafulati. Pa zilembo, R, G ndi M ndi zimene zimasiyana msanga pakati pa mafonti ofanana.

Chenjezo apa: pepala limodzi limakhala ndi mafonti awiri kapena atatu mwachilungamo. Mawu okhazikika, monga mutu wa satifiketi, anasindikizidwa kale, pamene dzina, nambala ya mayeso ndi magiredi anawonjezeredwa pambuyo ndi makina ena. Musayerekeze giredi ndi mutu. Yerekezani giredi ndi giredi inzake, dzina ndi dzina la sukulu.

Onaninso kunenepa ndi kuda kwake. Zilembo zojambulidwa ndi kamera sizikhala zakuda bii. Zimatengako mtundu wa kuwala kwa pamalopo, zimaoneka zotuwira kapena zofiirira pang'ono. Chilembo chimene chalembedwa pa foni kapena pa kompyuta pamwamba pa chithunzi chimakhala chakuda kuposa zinzake, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mosalala kwambiri.

5. Mzere ndi mipata

Tengani kapepala kowongoka, mukagoneke pa sikirini kuti m'mphepete mwake mukhudze mapazi a zilembo zoyamba ndi zomaliza za mzere. Zilembo zonse za pakati ziyenera kuponda pomwepo. Chimene chakwera kapena kutsika chokha ndicho choikidwa ndi dzanja. Chitani chimodzimodzi choimirira pa mndandanda wa magiredi, kuona ngati onse ayambira pamalo amodzi.

Mipata imaulula pamene dzina lalitali lalowa m'malo mwa lalifupi. Wosinthayo amapanikiza zilembo kuti zikwane, kapena amachepetsa msinkhu wake pang'ono. Dzina lalifupi likalowa m'malo mwa lalitali, kumapeto kumatsala malo oyera modabwitsa.

Palinso kupendekeka. Palibe amene amagwira foni mowongoka ndendende, ndiye mizere yonse ya pachithunzi imapendekera mbali imodzi, ndipo zilembo za kutali ndi kamera zimachepa pang'ono. Mawu owonjezeredwa pachithunzi nthawi zambiri amakhala owongoka molingana ndi sikirini, osati molingana ndi pepala. Mukaona mizere yonse ikutsikira kumanja koma tsiku lobadwa lokha lagona bwinobwino, mwapeza malo oyenera kufunsa.

6. Kusiyanitsa kuwonongeka kwa chithunzi ndi kusintha kwa dala

Apa ndi pamene ambiri amalakwira, mbali zonse ziwiri. Ena amaona chithunzi chosaoneka bwino cha foni yotchipa n'kumutcha munthu wakuba. Ena amaona chigamba chenicheni n'kunena kuti ndi vuto la netiweki. Tikhalepo pang'ono.

Chithunzi cha mtundu wa JPEG chimasungidwa m'timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Chikapanikizidwa, kuzungulira chilembo chilichonse kumabadwa kautsi ka timadontho, ndipo mukakulitsa kwambiri mumaona timabokosito. Zimenezi si chinyengo. Chofunika kudziwa n'chakuti kuwonongeka kotere kumagwira chithunzi chonse mofanana, ndipo ngati kukusintha, kumasintha pang'onopang'ono. Kamera ikalephera kulunjika bwino, mbali yonse ya kumanzere imachita chimbuuzi, n'kumayera pamene mukupita kumanja. Dzanja likagwedezeka, zilembo zonse zimakokedwera mbali imodzi. Kusintha kwa dala kumakhala ndi malire. Chilembo chimodzi chakuthwa pakati pa zinzake za chimbuuzi, kapena kabwalo kosalala pakati pa pepala la timadontho, sizingachokere ku kamera.

Ndiye funso lodzifunsa pa chilichonse chachilendo ndi ili: kodi zoyandikana nacho zili chimodzimodzi? Yang'anani chilembo cha kumanzere, cha kumanja, mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Ngati zonse zawonongeka mofanana, pitirirani. Ngati chili chokha, chilembeni.

Umboni wamphamvu uli pansi pa zilembo. Chiphaso cha unzika ndi satifiketi zimakhala ndi timizere ndi mitundu yofooka imene inasindikizidwa mawu asanalembedwe. Kuti munthu asinthe nambala ayenera kufufuta yakaleyo, ndipo pofufuta amafufutanso timizere timene tinali pansi pake. Amatseka malowo ndi mtundu umodzi wofanana ndi pepala, kapena amakopera kachidutswa ka pambali n'kumata. Zili ngati chigamba pa chitenje cha maluwa: nsalu ingafanane, koma maluwa sakumana pamsoko. Tsatirani kamzere kamodzi ndi diso kuchokera kunja, kudutsa pansi pa nambala, mpaka kutulukira mbali inayo. Kakaduka, kakalumpha, kapena kadontho kamodzi kakaoneka kawiri moyandikana, pakhudzidwa.

Kuti muone bwino, tsegulani kope la chithunzicho pa zosinthira zithunzi za foni yanu, muchepetse Brightness ndi kukweza Contrast mpaka pepala lide. Kabwalo kamene kanali kobisika kamatulukira ngati banga la mtundu wina. Chitani zomwezo pa chithunzi chanu choyerekezera, kuti mudziwe mmene pepala losakhudzidwa limaonekera mukalichita zimenezi. Musakulitse mopitirira, pafupifupi katatu kapena kanayi ndi pokwanira. Mukapitirira apo chilichonse chimaoneka chokayikitsa.

Malire ake ndi awa. Munthu akasintha pa kompyuta, n'kusindikiza pa pepala, n'kujambulanso ndi foni, kusiyana kwa kuthwa ndi kuda kumafafanizika chifukwa zonse zadutsa pa kamera limodzi. Pamenepo chotsala ndi fonti, mizere, timizere toduka ndi masamu a pa sitepe 8. Mafoni ena atsopano nawonso amakonza okha chithunzi n'kupinda zilembo zing'onozing'ono, koma amatero pa mawu onse aang'ono, osati pa giredi ya masamu yokha.

7. Nkhope yomatidwa

Pa chiphaso cha unzika nkhope inasindikizidwa pa khadi lenilenilo, si kapepala komata. Choncho siyenera kukhala ndi mthunzi m'mphepete kapena kuoneka yotukuka. Yerekezani ndi chanu: kukula kwa chithunzi, mtunda wochokera m'mphepete mwa khadi, ndi mmene chakumbuyo kwa mutu chikulumikizirana ndi mtundu wa khadi. Unikani kuzungulira makutu, tsitsi ndi mapewa. Nkhope yodulidwa ku chithunzi china imasiya kamzere koyera kozungulira mutu, kapena tsitsi limaoneka ngati lametedwa ndi sizasi.

Khadi limene lakhala m'thumba zaka limakhala ndi mikwingwirima ndi kunyezimira. Mkwingwirima umene wachokera pa mawu n'kufika m'mphepete mwa nkhope uyenera kupitirira. Ukathera pomwepo, ndipo nkhope ili yoyera ndi yowala pa khadi lotha, nkhopeyo inabwera pambuyo. Ziphaso zambiri zimakhalanso ndi kachithunzi kachiwiri kofooka. Pamene kalipo, kayenera kukhala nkhope yomweyo, makutu omwewo, kolala yomweyo.

Pa mapepala a kusukulu amene chithunzi chimamatidwa ndi guluu n'kudindidwa, tsatirani mkombero wa chidindo. Uyenera kuyenda kuchokera pa pepala kukwera pa chithunzi popanda kuduka, ndipo mawu a m'chidindo awerengeke mopitirira. Chithunzi chikasinthidwa, theka la chidindo limatsala pa pepala lokha, kapena mbali ya pachithunzi imajambulidwa ndi cholembera, inki yake n'kusiyana.

Njira yachidule kuposa zonsezi ndi kuimbirana pa vidiyo. Munthuyo agwire khadi pafupi ndi nkhope yake, alipendeketse pang'onopang'ono, alitembenuze. Nkhope yomatidwa pa kompyuta kulibe pa khadi limene lili m'manja, ndipo yomatidwa ndi guluu imanyezimira mosiyana ndi khadi.

8. Kumbuyo kwa chiphaso

Osintha ambiri amakonza kumaso n'kuiwala kumbuyo. Kumbuyo kuli kabokosi ka QR ndi mizere itatu yowerengedwa ndi makina, ya zilembo, manambala ndi zizindikiro za <. Mzere uliwonse uli ndi malo 30, ndipo chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana, moti zilembo za mizere itatuyo zimaima molunjikana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere wachiwiri umayamba ndi tsiku lobadwa m'manambala asanu ndi limodzi, chaka, mwezi, tsiku, kenaka nambala imodzi yotsimikizira. Mzere wachitatu ndi wa maina.

Nambala yotsimikizirayo mungathe kuiwerengera nokha. Chulukitsani manambala asanu ndi limodziwo ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1 motsatana, muphatikize, mutenge nambala yomaliza ya yankho. Wobadwa pa 14 Malichi 1996 amalembedwa `960314`:

```
9x7 + 6x3 + 0x1 + 3x7 + 1x3 + 4x1
63 + 18 + 0 + 21 + 3 + 4 = 109
```

Nambala yomaliza ndi 9, choncho mzere uyenera kuyamba ndi `9603149`. Kabokosi ka QR nako, chithunzi chikakhala chooneka bwino, kawerengeni ndi foni ina kuchokera pa sikirini. Dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa zimene zituluke zifanane ndi za kumaso. Kakakana kuwerengeka, pemphani chithunzi china chapafupi, musafulumire kuweruza.

9. Chitsanzo

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya pulaiveti kufupi ndi Linthipe ikufuna mphunzitsi wothandizira amene ali ndi kirediti ya masamu. Wofunsira wina watumiza satifiketi yoonetsa Chingerezi 4, Chichewa 2, zaulimi 3, bayoloje 4, jogalafe 3, masamu 3. Kuphatikiza, ndi mapointi 19. Koma m'kalata yake walemba kuti anakhoza ndi mapointi 24. Kusiyana ndi 5, ndipo 8 akasanduka 3 kusiyana kwake ndi 5 yemweyo. Tsopano mukudziwa poyang'ana.

Pa pepalalo pali ma 3 atatu oti muyerekeze. A zaulimi ndi jogalafe afanana. Wa masamu ndi wotambalala pang'ono, nsonga zake zapindikira m'kati mofanana pamwamba ndi pansi, chifukwa ndi 8 amene wafufutidwa mbali ya kumanzere. Mukakweza Contrast, kumanzere kwake kukuoneka timabanga tiwiri tosalala pamene timizere ta pansi taduka. Kuthwa ndi kuda kwake n'kofanana ndi manambala ena, popeza palibe chimene chinawonjezeredwa, anangochotsa. Amene amangoyang'ana fonti yachilendo sangazione zimenezi.

Pa chiphaso, kumaso kwalembedwa 1999, kumbuyo mzere ukuyamba ndi `9903149`. Mukawerengera `990314` mupeza 63, 27, 0, 21, 3 ndi 4, zonse pamodzi 118, kutanthauza kuti nambala yotsimikizira inayenera kukhala 8, osati 9. Nambala 9 imeneyo ikugwirizana ndi 1996. Munthu anasintha chaka mbali zonse ziwiri koma sanadziwe ntchito ya nambala yotsatirayo. Dziwani kuti masamuwa akagwirizana sindiye kuti zonse zili bwino, chifukwa wodziwa angathe kuwerengera ngati mmene mwachitira inu.

10. Mukapeza chokayikitsa

Chizindikiro chimodzi chofooka, monga chilembo chooneka chakuda pang'ono, si chifukwa chomukanira munthu ntchito. Pemphani chithunzi china, chojambulidwa pamalo ena. Vuto la kamera limasuntha kapena kutha, pamene chosinthidwa chimakhala pomwepo. Kusiyana kwa kalembedwe ka dzina nakonso kusakuthamangitseni. Maina ambiri a kuno amalembedwa pawiri, wina kuyamba ndi M wina ndi N, wina l wina r, ndipo atsikana ambiri analemba mayeso ndi dzina la bambo awo n'kudzalembetsa chiphaso ndi la amuna awo. Funsani, ndipo pemphani pepala lolumikiza maina awiriwo.

Polankhula naye musanene kuti wabera. Nenani kuti, "Achimwene, chithunzichi sichikuoneka bwino pa giredi ya masamu, mubwere ndi satifiketi yeniyeni Lolemba." Ikafika, igwireni, muiyang'ane moyang'anitsa ku dzuwa kuti muone pamene pepala lapepuka chifukwa chopalidwa, ndipo mupendeketse kuti muone ngati pamwamba pake pakhudzidwa. Samalani ndi satifiketi yokutidwa ndi pulasitiki, chifukwa pulasitiki imabisa popalidwa. Ambiri amakutira pofuna kuteteza ku chinyontho cha kuno, ndiye si mlandu, koma yotereyo ndi yofunika kuitsimikiza kwa eni ake.

Wotsimikiza magiredi ndi MANEB, imene likulu lake lili ku Zomba, ndipo imachita zimenezi pa malipiro. Sukulu imene munthuyo analembera mayeso imasunganso mndandanda wa zotsatira, choncho mphunzitsi wamkulu wa kumeneko angakuthandizeni mukamupatsa chaka ndi nambala ya mayeso. Nambala ya foni ya sukuluyo ipezeni nokha, osati imene wakupatsani wofunsirayo. Za chiphaso cha unzika pitani nazo ku ofesi ya NRB pa boma. Musaike chithunzi cha chiphaso cha munthu pa gulu la WhatsApp kuti anzanu akuthandizeni kuunika, chifukwa zithunzi zoyendayenda zoterezi ndi zimene achinyengo amatola n'kumatapo nkhope zawo. Mukamaliza kusankha, fufutani zithunzi za onse amene simunawatenge, pa foni ndi pa kompyuta pomwe.